Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre: kulemba nkhani yosankha njira yomwe siiwala zimene wowerenga wachita

A wapampando, a komiti ndi anzanga nonse a m'gulu lathu la olemba nkhani, zikomo ponditumiza. Ndapita, ndabwerako, ndipo malisiti a minibasi ndi malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma. Msonkhanowu unali wa masiku awiri. Zolankhula zotsegulira ndizidumpha, chifukwa chimene munanditumira ndi funso lomwe latisowetsa tulo chaka chonse: nkhani yathu ya madzi osefukira, imene wowerenga amadzisankhira chochita, tiilemba bwanji kuti isatikulire m'manja?

Mukukumbukira chipepala chija tinamata pakhoma ku Bangula. Tinayamba ndi ndime imodzi, yabala ziwiri, ziwirizo zabala zinayi, mpaka pepala linatha tisanafike n'komwe pa usiku wa madziwo. Ku msonkhanowu, amene amatiphunzitsa anatiwerengera pabolodi. Ngati chisankho chilichonse chili ndi njira ziwiri zomwe sizikumananso, zisankho zitatu zimafuna mathero 8. Zisankho khumi zimafuna mathero 1,024, ndipo zikafika makumi awiri mathero amapitirira miliyoni. Apa mtima wanga unakhala pansi, chifukwa ndinaona kuti sitinali aulesi ayi, kungoti tinatenga njira imene munthu aliyense sangaimalize.

Njira imene tinaphunzira ndinaimva msanga chifukwa ndife anthu a kuchigwa. Shire akafika m'dambo la Elephant Marsh amagawikana timitsinje tambirimbiri, koma kumunsi timakumananso n'kukhala mtsinje umodzi. Nkhani nayonso izipatukana pang'ono n'kubwerera pamodzi. Koma zikangotero basi, wowerenga amazindikira kuti tamupusitsa, poti kaya asankhe chiyani akufika pamodzimodzi. Ndiye pamafunika kuti nkhaniyo izikumbukira. Chimene munthu wachita chisungidwe penapake, chidzamupeze kutsogolo. Ife zotsatira timaziika m'nthambi, pomwe malo ake ndi m'timatumba tosungira.

Tinagwiritsa ntchito pulogalamu ya Twine, imene Chris Klimas anatulutsa mu 2009. Ndi yaulere, ndipo ukaiika pakompyuta imagwira popanda intaneti. Ndime iliyonse imaoneka ngati kabokosi, ndipo mivi imasonyeza kumene njira zikupita. Malamulo tinalemba m'kalembedwe ka Harlowe, komwe Twine amayamba nako. Kathumba kosungira kamakhala ndi dzina loyamba ndi chizindikiro cha $. Ine ndinatenga nkhani yathu yomwe ija ya mayi wa ku Makhanga, ndipo ndinangopanga timatumba tiwiri. Ndinatiika m'ndime imene ndinaipatsa chizindikiro cha `startup`, kuti tikhale tokonzeka nkhani isanayambe:

```
(set: $chimanga to 3)
(set: $ubale to 0)
```

Mayiyu ali ndi ndowa zitatu za chimanga m'nyumba. Tsiku loyamba madzulo, bambo wina woyandikana naye nyumba, msodzi amene ali ndi bwato, afika pakhomo n'kunjuta, n'kupempha ndowa imodzi poti ana ake agona ndi njala. Wowerenga amaona njira ziwiri:

```
[[Apatseni ndowa imodzi->Kupatsa]]
[[Auzeni kuti chatha->Kukaniza]]
```

Mawu a kumanzere kwa muvi ndi amene wowerenga amadina, a kumanja ndi dzina la ndime imene akupita. M'ndime ya `Kupatsa` ndinalembamo ziganizo zitatu za mmene bamboyo anathokozera, kenako izi:

```
(set: $chimanga to it - 1)
(set: $ubale to it + 1)
[[Kwacha->Chenjezo]]
```

Ndime ya `Kukaniza` siikhudza timatumba, koma nayonso imathera pa `Chenjezo`. Apa ndiye pokumana mitsinje. Onse awiri, wopatsa ndi womana, amadzuka m'mawa womwewo, amamva uthenga womwewo wa mfumu woti Ruo akukwera, amatumiza chimanga chotsala kwa mlongo wawo kumtunda panjinga. Ndime imeneyi timailemba kamodzi kokha. Koma m'kati, wina ali ndi ndowa ziwiri ndi ubale, winayo ali ndi ndowa zitatu wopanda ubale. Pa usiku wachitatu madzi atalowa m'nyumba, nkhani imatsegula kathumba:

```
(if: $ubale >= 1)[ [[Kwerani bwato->Bwato]] ]
(else:)[ [[Kwerani mumtengo ndi ana->Mtengo]] ]
```

Tikawerengera motere, chisankho chimodzi chimadya ndime zitatu: yofunsa ndi ziwiri zoyankha. Zisankho khumi ndi ndime makumi atatu, n'kuwonjezapo mathero atatu kapena anayi. Imeneyi ndi ntchito yoti gulu lathu likhoza kuimaliza nyengo ya mvula isanabwere.

Nditaonetsa zimenezi ndinali wokondwa, koma mayi wina wochokera ku Zomba, amene ndinakhala naye tebulo limodzi, atawerenga anandifunsa kuti, achimwene, ine ndingadziwe bwanji kuti bwatoli labwera chifukwa cha chimanga chija? Analondola. Iye anaona ngati bwato langotulukira mwamwayi. Chotsatira chimene wowerenga sakuchizindikira chili ngati palibe. Ndinabwerera n'kukonza malo awiri. M'mawa wa chenjezo ndinaikamo chiganizo chimodzi choonekera kwa wopatsa yekha: mkazi wa msodzi uja akudutsa ndi lichero la ufa, n'kumuweyulira dzanja. Kwa womana, mkaziyo amadutsa maso ali pansi. Ndipo usiku wa madzi, msodziyo asanamukweze amanena kuti ana ake anadya nsima tsiku lija. Choncho chisankho chimodzi chimamveka katatu: nthawi yomweyo, pakatikati, ndi pomwe chikubweza. Chikumbutso cha pakatikaticho n'chotsika mtengo kwambiri, chiganizo chimodzi chokha, koma ndi chimene chimagwira ulusi pamene ndime zapakati zachuluka.

Pali nkhani ina imene tinakambirana mpaka nthawi ya chakudya inapitirira, ndipo ine ndiyo ndikuipempha kuti tiiganizire mofatsa. Ngati kupatsa kumabweretsa zabwino zokhazokha, ndipo kumana kumabweretsa zoipa zokhazokha, pamenepo palibe chisankho. Aliyense adzadina kupatsa asanawerenge n'komwe. Ndi chifukwa chake kathumba ka `$chimanga` kalipo. Madzi ataphwa, mayi uja akakatenga chimanga chake kumtunda, wopatsa amapeza ndowa ziwiri zomwe zimatha thandizo lisanafike, ndipo amakakamizika kugulitsa mbuzi motchipa. Womana anagona mumtengo ndi ana, koma ali ndi ndowa zitatu. Mbali zonse ziwiri pali cholipira.

Kwa ife izi si zamasewera chabe. Amene adzawerenge nkhaniyi ndi anthu amene anaona madzi a Januwale 2015, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023. Ena mwa iwo anagonadi m'mitengo, ndipo sikuti anamana munthu chimanga. Sindikufuna kuti tilembe nkhani youza mayi wa ku East Bank kuti zinamuchitikira chifukwa cha umbombo. Choncho m'ndime ya `Mtengo` ndinalemba kuti msodziyo anabwerabe m'bandakucha, atatha kuolotsa ena amene anali pafupi ndi mtima wake. Womana samwalira, amachedwa kupulumutsidwa, ndipo mwana wamng'ono amadwala chifuwa, zomwe zimakhala kathumba kena kamtsogolo.

Tsopano zolakwika, poti ndinazigwa ndekha ndipo mudzazigwanso. Tsiku lachiwiri mnyamata wina anasewera nkhani yanga, napatsa msodzi chimanga, koma usiku anapezeka mumtengo. Ndinafufuza pafupifupi ola lathunthu. Vuto linali chilembo chimodzi: pa usikuwo ndinalemba `$ubala` m'malo mwa `$ubale`. Harlowe sadandaula ukatero. Kathumba kamene sunakaikepo kanthu amakatenga kuti muli 0, ndiye funso lakuti kodi muli 1 kapena kuposa limayankhidwa kuti ayi, mwakachetechete. Chizindikiro chake n'chakuti wowerenga aliyense amagwera njira imodzimodzi, kaya anasankha chiyani. Mankhwala ake ndi kupanga ndime ya chizindikiro cha `footer`, imene imaoneka pansi pa ndime iliyonse, n'kulembamo:

```
chimanga: $chimanga, ubale: $ubale
```

Ukamasewera umaona manambala akusintha. Ngati pansi pakuonetsa ubale 1 koma bwato silikubwera, wadziwa kuti vuto lili pa ndime yofunsayo. Nkhani ikatha kukonzedwa, ndime imeneyi timaichotsa.

Cholakwika chachiwiri chinali cha njira yobwerera. Ndinaika mwayi woti mayiyo abwerere pakhomo, osadziwa kuti ukumubwezera pa pempho la msodzi. Mnyamata yemweyo anapatsa kanayi, ndipo chimanga chinafika pa -1. Lamulo la `(set:)` limagwira nthawi iliyonse munthu akalowa m'ndimeyo, osati kamodzi kokha. Ndinakonza poika njira yopatsa m'kati mwa funso, kuti izioneka pokhapokha ngati sanapatsepo:

```
(if: $ubale is 0)[ [[Apatseni ndowa imodzi->Kupatsa]] ]
```

Izi zikugwira pano chifukwa ubale ukukwera pamalo amodzi okha. Tikadzawonjezera malo ena okweza ubale, chisankho chimenechi chidzafuna kathumba kakekake.

Anatilangizanso kuti timatumba tisachuluke. Kathumba kalikonse ka inde kapena ayi kamachulukitsa kawiri mitundu ya owerenga amene angafike pa ndime yomaliza. Timatumba titatu ndi mitundu 8, ndipo yonseyo munthu akhoza kuiyesa madzulo amodzi. Tikafika pa khumi tabwerera ku 1,024 kuja, kungoti tsopano kwabisala. Ine ndikuona kuti tinayi n'tokwanira pa nkhani yathu: chimanga, ubale, mbuzi ndi thanzi la mwana. Tisanakhudze kompyuta, tilembe m'kope mzere umodzi pa kathumba kalikonse: kakusintha pa ndime iti, kakukumbutsidwa pa ndime iti, kakufunsidwa pa ndime iti. Kathumba kopanda pofunsidwa tikafufute.

Pa kagawidwe, batani la `Publish to File` limatulutsa failo imodzi ya HTML imene imatseguka popanda intaneti, ndipo ndi yaing'ono moti tikhoza kutumizirana pa WhatsApp kapena pa Bluetooth. Pafoni yanga inatseguka bwinobwino, koma pafoni ya mnzanga wina inavuta mpaka tinaitsegulira mu Chrome. Tiyese pa mafoni a anthu athu a ku Nchalo, Ngabu ndi ku boma la Nsanje tisanalonjeze aliyense.

Pa nkumano wa Loweruka ndibwera ndi laputopu ndi ndime khumi ndi ziwiri zomwe ndamaliza. A wapampando, ndikupempha kuti mutipatse ola limodzi pa ndondomeko, ndiponso kuti tiitane amayi awiri kapena atatu a ku Makhanga amene angalole, adzawerenge ndime ya `Mtengo` tisanapitirire ndi zina.