Alandilodi amanditcha mwana wawo, koma pepala lawo landisowetsa tulo

Azakhali,

Ndikulemba pano 1 koloko ya usiku yadutsa, pepala la alandilodi lili patebulo. Ndimachita lendi ku Chankhanga kuno ku Kasungu, nyumba ya zipinda ziwiri, chaka chino n'chachinayi. Mgwirizano wathu ukutha pa 30 mwezi uno.

Lachiwiri anabwera okha atanyamula mtedza m'jumbo, nakhala pakhonde. Amvekere, "Mwana wanga, sindikufuna uchoke, tingokonzanso kapepala." Ndinasangalala. Ndinadzawerenga bwino iwo atapita.

Lendi ikuchoka pa K80,000 kufika pa K120,000, ndipo ndizilipiriratu miyezi itatu, ndiye kuti K360,000 pakamodzi. Mgwirizano akuti wa zaka ziwiri, koma m'munsi alemba kuti mtengo "tiziwunikanso" miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Nanga zaka ziwirizo zikunditeteza chiyani ngati angakweze pomwe afunira? Iwo akafuna nyumba yawo andiuza kutatsala mwezi umodzi, ine ndikafuna kuchoka ndinene kutatsala itatu.

Sindikukana kuti zinthu zinakwera. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 simenti ndi malata sizigwirika, ndipo iwo anandikwezera kamodzi kokha. Komanso pali miyezi iwiri yomwe sindinalipire nthawi yomwe kunyumba kuno kunali mavuto, sindifuna kuwafotokoza. Sanandithamangitse. Ndinabweza yonse, ngakhale mochedwa. N'chifukwa chake pakamwa pakundilemera.

Koma chikundiwawa ndi ichi. Alemba kuti penti, mipope ndi kupopa dzenje la chimbudzi zikhale zanga, iwo denga lokha. Dzenjelo timagwiritsa ntchito mabanja atatu a pampanda pano! Dengalo lakhala likudontha pakona ya kuchipinda kwa ana mvula ziwiri, ndimatchera beseni. Zitsulo za m'mawindo ndinaika ndekha, K150,000, atandiuza pakamwa kuti tidzachotsera pa lendi. Sitinachotsere, lisiti ndilibe, m'pepalamo sanazitchule n'komwe. Ngakhale mango a pakhomo panga adzukulu awo amadzathyola osaodira, ine ndiye wosesa masamba tsiku ndi tsiku, sindinalankhulepo.

Mwina vuto ndi langa, ndinazolowera kungoti "chabwino bambo". Koma munthu amene ukumutcha mwana wako ungamulembere zotere?

Ndithandizeni. Ndingawapemphe kuti mtengo ukhale umodzi kwa chaka chathunthu, ndizilipira mwezi ndi mwezi, popanda kuoneka wosayamika? Za zitsulozo ndizikumbutse, kapena zinapita basi poti panalibe mboni? Ndikasaina pano, zikadzavuta ndingadzadandaule kuti? Ndipite ndi achimwene anga akakhale mboni, kapena aziona ngati ndawatengera mlandu? Ana sukulu ili pafupi, kusamuka pakati pa teremu sindingathe. Akufuna yankho Loweruka.

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ana awiri, Kasungu