Lipoti la maphunziro a kachapidwe ka zovala za odwala

Amayi anzanga a gulu lathu losamalira odwala m'makomo, ndabwerako kumaphunziro komwe munandituma kuja ndipo ndati ndilembe pompano mutu usanataye zina. Tinali tsiku lonse, anatiphunzitsa ndi anesi ena achikulire pamodzi ndi bambo amene wakhala zaka zambiri kochapira zovala kuchipatala. Zosamba m'manja ndi magolovesi timazidziwa kale ndiye ndingodumpha, ine chomwe chandigwira mtima ndi nkhani ya madzi otentha chifukwa apa mpamene takhala tikudzinamiza.

Atatifunsa kuti zofunda za wodwala timachapa ndi madzi otani, tonse tinayankha monyadira kuti otentha. Bambo aja anangoseka, akuti nanga mumachapa ndi chani, ife ndi manja, akuti basitu amenewo ndi ofunda chabe. Dzanja la munthu limayamba kuthawa madzi akangopitirira madigiri 45 chakuti, pomwe tizilombo tambiri kuti tife pamafunika madigiri 60 kupita m'mwamba komanso nsaluyo ikhalemo kanthawi, osati kungoviika nkuvuula. Anapereka chitsanzo cha zipatala za ku Britain kuti lamulo lawo ndi madigiri 65 kwa mphindi 10 kapena 71 kwa mphindi zitatu. Ndiye madzi amene mukutha kufikisiramo chitenje uku mukucheza, litsiro akuchotsa inde ndipo sopo akukokolola tizilombo tambiri ndithu, koma kupha ndi kutentha ayi.

Kenako anatigawira zovala za pakaunjika kuti tiwerenge kalebulo kamene kamasokereredwa kukhosi kapena m'mbali mkati, komwe ambirife timadula ndi lumo ati kamayabwa. Pamakhala kachithunzi ka beseni muli nambala, 30, 40, 60, nthawi zina 95. Nambala imeneyo sikuti akukulamulani kuchapa pamenepo ayi, ndi malire, akuti musapyole apa. Cholembedwa 60 mutha kuchapa ndi madzi ozizira popanda vuto, koma cholembedwa 30 mukachiponya m'madzi a 60 musadzadandaule. Zochokera ku America zina sizilemba nambala zimangoika timadontho m'besenimo, kamodzi ndi 30, tiwiri 40, titatu 50, tinayi 60. Mzere pansi pa beseni ndiye kuti chapani mofatsa osafikisa ngati jinzi, dzanja m'beseni ndiye kuti pamanja basi ndipo madzi asapose 40. Pali kachizindikiro kena ka ngodya zitatu, kameneko nka jiki, kakakhala kopanda kanthu mkati jiki ndi wololedwa, kakakhala ndi timizere tiwiri topendekeka jiki wathuyu ayi, akakadula ndi mtanda ndiye osayerekeza bulitchi wamtundu uliwonse.

Anationetsa juzi yaubweya yomwe munthu anainyika m'madzi owira, abale inu, ya munthu wamkulu koma yangotsala ya mwana wa sitandade 2, yolimba ngati chipewa ndipo siibwereranso. Lasitiki wa masiketi ndi zamkati naye amatha mphamvu, zitenje zimachucha.

Tsopano funso langa linali lakuti nanga wodwala akadziipitsira pa shiti, pali chimbudzi pali magazi, tiyambire pati. Apa ndilembe bwinobwino momwe anatiyendetsera chifukwa ndi zomwe timakumana nazo sabata iliyonse. Mwavala magolovesi, osaikutumula shitiyo, mupale chimbudzicho ndi kathabwa kapena katoni mukataye kuchimbudzi. Mukatero tsukuluzani ndi madzi OZIZIRA kaye. Izi zinandidabwitsa chifukwa mtima umati thamangira owira, koma akuti magazi ali ngati dzira, akakumana ndi kutentha amapsa nkukakamira mu ulusi, banga lofiirira lija limakana kuchoka ndi lomwelo. Magazi akasungunuka muchape ndi safu kapena sopo monga mwa masiku onse mpaka litsiro lithe, chifukwa kaya kutentha kaya jiki sizigwira bwino ntchito pa nsalu yoti ikadali ndi zonyansa. Apo ndiye muyang'ane lebulo. Ngati ndi kotoni yolembedwa 60 kapena 95, nyikani m'madzi otentha. Opanda choyezera kutentha ngati ife anatipatsa kasamu kosavuta, majagi awiri a madzi obwata ndi jagi imodzi ya apampopi zimafika cha m'ma 70, ndiye shiti yonyowa ija ndi beseni zimaba kutentha kwina nkutsikira cha m'ma 60 momwe tikufunamo. Theka ndi theka akuti papepala ndi pafupifupi 60 koma mukaponyamo nsalu yozizira basi mwagwa pansi. Madziwo akhale ambiri omiza nsalu yonse, muvindikire, muzitembenuza ndi ndodo osati dzanja, padutse mphindi 10 kapena kuposa. Ndipo ana akhale kutali chonde.

Mayi wina wa gulu la kwina anadzuka nkunena zomwe tonse timaganiza, kuti makala akwera mtengo, tiziwiritsa madzi a shiti tsiku ndi tsiku nsima tiphikira chani. Ndinamuombera m'manja mumtima. Anesi anavomera kuti zoona, ndipo anati zovala wamba za anthu abwinobwino m'nyumba sizifuna zonsezi, madzi ozizira, sopo, kutsukuluza bwino ndi kuyanika padzuwa mpaka ziume gwa, zakwana. Moto tisungire za wotsegula m'mimba, wosanza, wa mabala otuluka mafinya, matewera, ndi mataulo a mwana wa zipere.

Pomwe makala palibe ndi pomwe jiki amalowa, koma pa nsalu zoyera zololedwa zokha. Yang'anani pabotolo, akakhala wa 3.5% ndiye pafupifupi 300 ml mu ndowa ya malita 20, madzi ozizira osati otentha, nsalu yochapa kale ikhalemo mphindi 30 kenako kutsukuluza kwambiri. Osathira molingalira kuti wambiri ndiye wabwino, amadya ulusi shiti nkumang'ambika ngati pepala. Osamusakaniza ndi viniga kapena mankhwala otsukira m'toileti komanso osamuthira pa thewera loti mkodzo ukadalimo, mpweya wake umapweteka m'chifuwa. Akuti kukagwa kolera mulingo umakhala wamphamvu kuposa uwu ndiye nthawi imeneyo tizitsatira womwe alangizi a zaumoyo atipatse.

Za mphere ndinafunsa dala poganizira banja lija tonse tikulidziwa lomwe amati akapaka mankhwala sabata ziwiri zabwereranso. Tizilombo ta mphere timafa pa madigiri oposa 50 kwa mphindi 10, ndiye njira ya majagi ija ikukwana. Bulangete loti silingalowe m'madzi otentha mulimange mu jumbo lalikulu losabooka masiku osachepera atatu, anesi anati iwo amakonda sabata yathunthu, timafa tokha tikasowa khungu la munthu. Koma zichitike tsiku lomwelo lomwe nyumba yonse yapaka mankhwala, mukachapa lero mankhwala nkupaka Lachisanu mwangotaya sopo. Kusita anakuyamikiranso, makamaka m'misoko ndi m'mapindiro momwe nsabwe zimaikira mazira, ndi zovala za makanda zoyanika panja chifukwa cha ntchentche ija imabweretsa mphutsi pakhungu.

Pempho langa ku komiti ndi ili, tigule ndowa ziwiri zovindikira zoti zikhale za odwala basi tizilembe ndi penti, magolovesi aatali ofika m'chigongono, ndi kachoyezera kutentha kamodzi koti tiyesere kasamu ka majagi kaja ndi mabeseni athu. Loweruka aliyense abwere ndi chovala chimodzi chomwe sanadule lebulo tidzawerengere limodzi. Chenji cha thiransipoti ndampatsa kale msungichuma.