Lipoti la nthumwi: chikalata chotsogolera dizaini ya nyumba

Kwa a wapampando ndi mamembala nonse,

Munatituma ku msonkhano wa mainjiniya ndi ojambula mapulani kuti tikamve za chikalata chimene chimalembedwa dizaini isanayambe. Nkhani zinali zambiri, koma tabweretsa imene tikuona kuti ikukhudza ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku.

Chikalatachi si chachitali. Pa nyumba ya nsanjika imodzi masamba anayi kapena asanu amakwana. Chimanena ntchito ya nyumbayo, katundu amene chipinda chilichonse chidzasenze, mtundu wa konkire ndi zitsulo, malamulo owerengera amene tatsata, ndi zinthu zimene tangoganizira popeza sitinaziyeze. Mwini nyumba, wojambula pulani ndi injiniya wowunika amachiwerenga ndi kusainira munthu asanawerengere bimu ndi imodzi yomwe. Mfundo imene inatigwira mtima ndi iyi: nambala iliyonse yolowa m'chikalatamo iziyenda ndi gwero lake, ndipo izioneka ngati ndi yotsimikizika kapena yongoganizira.

Chitsanzo chimene tinagwirira ntchito m'magulu chinali nyumba ya sukulu yokhala ndi makalasi pansi ndi pamwamba. Tinayamba ndi silabu ya pamwamba, yochindikala mamilimita 150. Konkire ya zitsulo imawerengedwa makilonyutoni 24 pa kiyubikimita, choncho silabuyo payokha ikulemera makilonyutoni 3.6 pa sikweyamita. Matope a simenti osalazira pansi, a mamilimita 50, akuwonjezera pafupifupi 1.2, pulasitala wa kunsi 0.2. Kulemera kosachoka kwakwana 5.0. Kenako pakubwera katundu wolowa ndi kutuluka, ndiye ana, madesiki ndi mabuku awo. BS 6399 gawo loyamba imapereka 3.0 pa kalasi ndi 4.0 pa makonde ndi masitepe, chifukwa belu likalira ana onse amakhamukira pamenepo nthawi imodzi. Mu BS 8110 kulemera kosachoka timachulukitsa ndi 1.4, katundu winayo ndi 1.6. Silabu ya kalasi ikuyenera kuwerengeredwa pa 11.8.

Apa ndi pamene wotsogolera gulu anatifunsa kuti: nanga a komiti ya sukulu akadzati chipinda chakumapeto chikhale chosungiramo mabuku? Zimenezi zimachitika, chifukwa chipinda cha pamwamba chimaoneka chotetezeka kwa akuba ndi chiswe. Koma mashelefu odzaza mabuku lamulo la BS 6399 limawawerengera 2.4 pa mita iliyonse ya kutalika kwa shelefu kupita m'mwamba, ndipo nambalayo isatsike pa 6.5. Tikabwereza masamu aja tikupeza 17.4 m'malo mwa 11.8, kuwonjezeka pafupifupi ndi theka. Silabu yotere sigwa tsiku lomwelo. Imayamba kuwerama pakati, pulasitala wa kunsi amang'aluka mizere, ndipo zitseko za m'makoma ogawa zipinda pansi pake zimayamba kulimba potseka. Zonsezi zikanapeweka ndi mzere umodzi wonena kuti zipinda zonse za pamwamba zawerengeredwa ngati makalasi, ndipo mwini nyumba anene tsopano ngati akufuna laibulale. Munthu akawerenga mzere wotere asanasaine amakumbukira zimene sanatchule.

Thanki ya madzi ili chimodzimodzi. Malita 5,000 ndi matani asanu, pafupifupi makilonyutoni 50, ndipo onsewo amakhala pa kamalo ka masikweyamita awiri ndi theka. Chikalata chinene kuti thanki ilipo kapena ayi, ndi yaikulu bwanji, ndipo ikakhala pamwamba pa mizati iti.

Pa malamulo owerengera panali mtsutso ndithu. Ambiri kuno tinaphunzira ndi BS 8110 ndipo tikuigwiritsabe ntchito, ngakhale ku Britain inachotsedwa mu 2010 pamene Eurocode inalowa m'malo mwake. Ena anati tisamukire ku Eurocode basi, ena anati sizofunika kuthamangira. Chimene onse anagwirizana n'choti osasakaniza. Eurocode imachulukitsa ndi 1.35 ndi 1.5, ndipo masamu ake a konkire amatengera mphamvu ya silinda, pomwe BS 8110 imatengera mphamvu ya kiyubu. Konkire yolembedwa C25/30 ili ndi 25 pa silinda, 30 pa kiyubu. Injiniya akawerengera ndi 25 ya silinda n'kungolemba 25 pa pulani, kontilakita adzaponda makiyubu ake a mamilimita 150, adzawaphwanya pa masiku 28, adzapeza 25, ndipo aliyense adzakondwera pomwe konkireyo yaperewera. Palibe wanama, kungoti chikalata sichinanene kuti 25 ya chiyani. Ifenso tikuona kuti kusankha lamulo limodzi, kulemba chaka chake, n'kukhala nalo mpaka ntchito itatha ndiye chachikulu kuposa mkangano wa lamulo labwino.

Zitsulo nazo zilembedwe mphamvu yake. Pali za 250 zosalala, ndi zamizeremizere za 450, 460 kapena 500 malinga ndi kumene zachokera. Osawerengera ndi 500 ngati sitikudziwa kuti pamsika zipezeka. Tilembe mphamvu yocheperako, ndipo tifune satifiketi ya fakitale kapena zotsatira za labotale zitsulo zisanamangidwe. Tilembenso kuchindikala kwa konkire yophimba chitsulo: mamilimita 25 pa silabu ya m'kati mwa nyumba, 50 pa fawundeshoni yothiridwa pa konkire yoyalira, 75 ngati ikukhudza dothi mwachindunji.

Gawo la zongoganizira ndi limene ambiri timalilemba mwa chizolowezi, ndipo dothi ndilo limavutitsa. Mawu oti dothi likhoza kusenza makilonyutoni 150 pa sikweyamita amangokoperedwa kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina. Tiyerekeze mzati wosenza makilonyutoni 300. Pa dothi la 150 phazi lake likufuna masikweyamita awiri, tinene mita imodzi ndi theka mbali zonse. Maenje oyezera akakumbidwa n'kupeza kuti malowo ndi a m'mbali mwa dambo ndipo dothi likungosenza 75, phazi lomwelo likufuna masikweyamita anayi, mamita awiri mbali zonse. Ngati ndi makande, amene amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, kukulitsa phazi kokha sikuthandiza. Pafunika kukumba mozama kupyola pamene chinyezi chimasinthasintha, kapena kusintha mtundu wa fawundeshoni. Kuganizira nambala si kulakwa, poti nthawi zina ndalama zoyezera dothi zimachedwa. Kulakwa n'kusalemba kuti yangoganiziridwa. Pa chongoganizira chilichonse pakhale zinthu zitatu pambali pake: adzatsimikiza ndani, pofika liti, ndipo chidzasintha n'chiyani nambalayo ikadzapezeka yosiyana. Pa dothi tingalembe kuti maenje atatu akumbidwe ndipo injiniya awaone mapulani a fawundeshoni asanaperekedwe kwa kontilakita.

Za zivomezi zinakambidwa mwachidule koma mosabisa. Dziko lathu lili m'chigwa chimene nthaka imagwedezeka, ndipo za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 n'zodziwika. Chikalata chinene ngati chivomezi chawerengeredwa, ndi lamulo liti, ndipo ngati sichinawerengeredwe chifukwa chake chilembedwe kuti wowunika athe kutsutsa. Liwiro la mphepo nalo lilembedwe ndi gwero lake, chifukwa denga la malata ndi lopepuka ndipo mphepo imalikokera m'mwamba. Zomangira denga ku khoma zimachokera pa nambala imeneyi.

Chikalata chikasainidwa chimapatsidwa nambala ndi tsiku. Mwini nyumba akasintha maganizo, monga kuwonjezera nsanjika ina, sitikonza pulani mwakachetechete: timatulutsa chikalata chachiwiri chosonyeza chasintha, n'kubwerera ku mizati ndi fawundeshoni zimene zakhudzidwa.

Pempho lathu n'loti pa msonkhano ukubwerawu mamembala awiri abweretse mapulani a ntchito imene ili m'kati, tiyese kulemba chikalata chake pamodzi, tione kuti ndi nambala zingati zimene titha kunena gwero lake.

Ndife nthumwi zanu.