Matenda obisika a chinzonono ndi kalamidiya akutseka njira za mazira

A Mkonzi,

Ndiloleni ndinenepo za amayi omwe akunyozedwa kuti ndi osabereka, chonsecho gwero lake ndi matenda ochizika. Chinzonono ndi kalamidiya, matenda opatsirana pogonana, amalowa pakhomo la chiberekero, ndipo amayi ambiri samva kanthu. Tizilombo timakwera pang'onopang'ono mpaka m'timachubu tiwiri todutsa mazira. Mumatupa, mumachita mafinya, ndipo pochira mumatsala zipsera zomwe zimatseka njira. Msambo umabwera bwinobwino mwezi uliwonse, koma dzira silikumana ndi umuna. Njira ikatsekeka pang'ono chabe, mimba imatha kukhala m'chubu momwemo, n'kuphulika, mayi n'kutaya magazi ambiri m'kati.

Mchemwali wanga ankamva kuwawa m'munsi mwa mchombo, makamaka pogonana, komanso ankaona timagazi pakati pa mwezi. Ankangogula panado. Atapita kuchipatala patatha zaka zinayi, anamujambula atathira mankhwala m'chiberekero, ndipo machubu onse awiri anali otsekeka. Zimandiwawabe mpaka lero.

Mankhwala amapha tizilombo, koma chipsera sachotsa, n'chifukwa chake kuchedwa kumawononga. Ndipo mwamuna akapanda kulandira nawo mankhwala, amatha kumpatsiranso mkazi wake matendawo.

Ine wowerenga wanu wodandaula