Za mbiri ya agogo ndi ndalama ya bokosi

Achemwali,

Ine kuno ku Joni ndili bwino, chifuwa chija chinasiya. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Talandira dzulo, koma ndisanatumize kalikonse ndati tiyambe tamvana.

Kanema wa maliro munanditumizira uja ndamuonera katatu. Amayi a Umanyano anaimba bwino mpaka ku Zolozolo, pamenepo ndilibe mawu. Chandisowetsa tulo ndi mbiri imene anawerenga amalume.

Ndondomeko yake sanaphonye ayi. Anatchula mudzi ndi mfumu kumene agogo anabadwira, ukwati, ubatizo, matenda ndi tsiku limene anatisiya. Atafika pa ana anangoti, "Anabereka ana asanu ndi awiri, amoyo ndi atatu, asiya zidzukulu 24," n'kudumphira pa za chipatala. Basi? Munthu akamva 24 amangoti mayi ameneyu anali wodala. Sangadziwe kuti mwa 24 amenewo, ife asanu ndi anayi tinakulira m'nyumba mwawo ku Chibavi, ya zipinda ziwiri ija, makolo athu atapita motsatizana. Mbiri yawerenga amene anabereka, amene analera yawasiya panja, pomwe ntchito ya agogo inali yomweyo.

Ndalama ija ndinatumiza R3,500 pa Mukuru, m'dzina la amalume chifukwa inu munali pa siwa. Ndinanena momveka kuti ndi ya bokosi, ufa ndi galimoto. Nanga bwanji m'mbiri muja akuti "bokosi tagula ife ana awo"? Sindikufuna kuomberedwa m'manja, koma bokosi lake ndaliona, ndi la matabwa wamba, lopanda ndi zogwirira zomwe. Yotsalayo inalowera kuti? Musawafunse mwaukali, mungoti mlongo wanu akufuna mtengo wa chinthu chilichonse.

Mbuzi ziwiri zija asagulitse munthu.

Amalume akanandifunsa, ndikanawauza zoti anene, ndipo sizikanatenga nthawi ya abusa. Njala ya 2002 ija, agogo ankaomola nsima ya gaga n'kutigawira mitanda m'manja, wina aliyense wake, kuti akuluakulufe tisaphangire ana. Tikawafunsa kuti nanga inu, ankati ndadya kale kumsika. Inu ndi amene munanditsina tsiku lina n'kundinong'oneza kuti akunama. Usipa wa ku Nkhata Bay ankauika timilu pa thumba, ndipo timilu timeneto ndi timene tinandigulira yunifolomu. Ndalama ankaimanga pa nsonga ya chitenje, mfundo yake yomasula ndi mano. Mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuja, ankavula chitenje chapamwamba n'kufunditsa ang'onoang'ono pa mphasa. Zitatu zokhazi zikanakwana. M'malo mwake amalume anatha nthawi kufotokoza mmene iwo anavutikira kupita nawo kuchipatala, ngati mbiriyo ndi yawo.

Kuno ndikamadya ndekha m'kachipinda kano, ndimamva ngati agogo andiitana kuti ndikatunge madzi. Sindinaponye ngakhale dothi m'manda mwawo, achemwali. Abwana anati ukapita usabwerenso.

Kope la chipepeso lili ndi ndani? Ndinamva mfumu ikuwerenga za mpingo, za anzawo a kumsika ndi za aneba, koma chiwerengero chonse sichinatchulidwe. Mujambule masamba onse munditumizire. Ndamvanso kuti adzukulu okumba manda anadandaula kuti ndiwo zinachepa. Pa ndalama yonse ija? Zimenezi zimachititsa manyazi banja lonse.

Tsono mvetsani. Mbiri ija tidzaiwerenganso pa tsiku lovundukula chiliza, ndipo ulendo uno tilemba ndife. Mukhale pansi ndi azakhali, mulembe maina a tonse asanu ndi anayi, motsatana ndi mmene tinafikira pakhomo paja, aliyense ndi zaka zimene anali nazo pobwera. Mwana wa aneba uja anakhala nafe zaka ziwiri mayi ake atadwala, muikeponso, agogo sankamusiyanitsa pa mbale. Chaka cha ubatizo mukafunse kwa alembi a mpingo, musalote. Isapitirire tsamba limodzi, anthu akaima padzuwa samva zambiri. Adzawerenge ndi chitsiriza wathu uja, mawu ake amamveka, ndiponso ndi amene anawasambitsa mpaka tsiku lomaliza. Amalume adzalankhule ngati mwini mbumba, malo awo sitiwalanda, koma pepala lisadzachoke m'manja mwa mtsikanayo.

Fizi ya mnyamata wa Fomu 3 nditumiza padera, mukalipire nokha ndipo lisiti musunge. Ya simenti ndiyamba mwezi wamawa, m'dzina lanu, pokhapokha nditaona masamba a kope lija.

Ndine mlongo wanu.