Munthu wachilendo wandilembera “Moni” yekha pafoni, ndimuyankhe motani?

Okondedwa Azakhali,

Ndikulemba kalatayi usiku, nthawi itapitirira 1 koloko, chifukwa tulo tandithawa kaamba ka uthenga wa liwu limodzi umene wakhala mu foni yanga kwa masiku anayi osayankhidwa. Nambala imene sindikuidziwa inandilembera pa WhatsApp kuti “Moni”, ndipo sinawonjezerepo china chilichonse. Ndikudziwa kuti ena amene awerenge kalatayi aseka kuti mayi wamkulu ngati ine akulephera kugona chifukwa cha moni, koma ndikupempha kuti mumve kaye zimene moni wotereyu anandichitapo kawiri konse.

Ndine mphunzitsi wa kupulayimale mumzinda wa Blantyre, ndipo ndili ndi ana awiri. Chifukwa malipiro safika kumapeto a mwezi, ndimagulitsanso zitenje, moti nambala yanga ndinaiika m’magulu a malonda a pa Facebook, ndipo makasitomala amapatsirana okha. Ichi ndicho chifukwa sindingangonyalanyaza nambala zachilendo monga mmene mng’ono wanga amandiuzira, pakuti mwa anthu amene anandigulapo zitenje zambiri, ochuluka anayamba ndi “Moni” kapena “Hi” basi. Amuna anga ali ku Joni, chaka chino ndi chachisanu ndi chimodzi, ndipo amabwera pa Khirisimasi pokha. Zimenezi ndazitchula chifukwa achibale awo ndizo amathamangira kunena nkhani imeneyi ikabuka, ngati kuti vuto lonse linayambira pamenepo.

Chaka chatha munthu wina anandilembera “Hi”, ine ndinayankha kuti “Moni, muli bwanji?” monga mmene ndinaleredwera. Anati anaona zitenje zanga pa Facebook ndipo akufuna kugulira mayi ake, koma ndalama alandira kumapeto a mwezi. Sanapemphe kanthu tsiku limenelo, ngakhale sabata imeneyo. Ankangondipatsa moni m’mawa uliwonse, kufunsa ngati ana adzuka bwino, ndi kufunsa mafunso ang’onoang’ono amene pa nthawiyo ndinkawaona ngati macheza wamba. Pomatha masabata atatu anali akudziwa dera limene ndimakhala, sukulu imene ndimaphunzitsa, dzina la mwana wanga wamng’ono, ndiponso zoti amuna anga ali kunja, pamene ine za iye ndinkangodziwa dzina limodzi ndi chithunzi cha munthu ataima pafupi ndi galimoto. Pali zina zimene ndinamulembera usiku zimene sindingazibwereze m’nyuzipepala. Sindinachite chigololo, Azakhali, ndipo sitinaonanepo, koma munthu akamakufunsa tsiku ndi tsiku ngati wadya, pamene mwini wake amaimba Lamlungu lokha, pakamwa pamamasuka kuposa muyeso.

Tsiku lina masana anandiuza kuti akundilowetsa m’gulu la amalonda amene amaoda zitenje pa mtengo wotsika, ndipo anati pafoni yanga pabwera manambala asanu ndi limodzi amene ndiyenera kumutumizira kuti andilembetse. Uthengawo unabweradi, ndipo mkati mwake munalembedwa m’Chingerezi kuti manambalawo ndisauze wina aliyense, koma ine ndinali m’kalasi, ana akuchita phokoso, ndipo ndinangowakopera n’kutumiza. Pasanathe mphindi zisanu WhatsApp yanga inatseka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti manambala amenewo ndi amene munthu amalowetsa akafuna kutsegula WhatsApp ya nambala yako pafoni ina. Nditayesa kulowanso, manambala atsopano anabwera bwinobwino, koma kenako foni inafunsa PIN imene ine sindinaikepo. Munthu uja anali atatsegula kale “Two-step verification” m’dzina langa, ndipo ndinayenera kudikira masiku asanu ndi awiri kuti ndilowe popanda PIN imeneyo.

Pa maola ochepa amene anakhala m’malo mwanga ine ndisanazindikire choti ndichite, analembera anthu a m’magulu anga onse, la kutchalitchi, la aphunzitsi ndi la banja, kuti mwana wanga wagonekedwa m’chipatala ndipo foni yanga ya ndalama yavuta, choncho atumize pa nambala ina. Anatchula mwanayo dzina lake lenileni, limene ndinamuuza ndine. Mkulu wanga anatumiza K60,000, ndipo mphunzitsi mnzanga anatumiza K25,000. Ya mnzangayo ndinabweza yonse m’miyezi iwiri, ngakhale kuti sindinaidye ndine, ndipo ndinawonjezerapo chitenje chimodzi chopepesera, koma mpaka lero aphunzitsi tikakhala pamodzi pa nthawi yopuma, foni yanga ikalira, amafunsa mokweza kuti kodi ndi kasitomala uja. Iye mwini anatumiza ndalama pa nambala yachilendo osandiimbira kaye, pamene kalasi yake ndi yanga zili khomo ndi khomo, koma wopusa amene amatchulidwa ndine ndekha. Alamu anga nawo anangoti akazi a amuna a ku Joni ndi mmene amachitira, ndipo mawu amenewo sanachoke m’mutu mwanga.

Zitachitika zimenezi ndinaumitsa mtima. Ndinaika PIN yangayanga, chithunzi changa ndinachisintha kuti azichiona a “My contacts” okha, ndipo nambala iliyonse yachilendo imene inkangoti “Moni” ndinkaifunsa mwachidule, ikachedwa kuyankha ndinkadina “Block”. Apa ndi pamene ndinalakwanso kachiwiri. Mwezi wa Juni nambala ina inandilembera “Moni amayi”, ine ndinayankha kuti “Ndinu ndani, mukufuna chiyani?”, ndipo itatha tsiku lonse osayankha ndinaitsekera. Patapita sabata apongozi anga anandiimbira ali okwiya, kundifunsa kuti ndinaphunzira kuti kufunsa munthu wamkulu ngati wapolisi. Amene analemba uja anali akulu awo, mayi wachikulire wa ku Thyolo amene mdzukulu wake anali atangomugulira foni, ndipo ankafuna zitenje makumi awiri za chinkhoswe. Iwo anapereka moni n’kudikira kuti ndiwayankhe moni, monga mmene munthu amachitira akafika pakhomo, kuodira kaye, kukhala pansi, kufunsana za moyo, kenako n’kunena chimene wadzera. Funso langa linawapweteka kotero kuti sanalembenso, ndipo zitenjezo anakagula kwina. Ndinapepesa, koma kuchimuna tsopano ndimadziwika kuti ndine mkazi wamwano, kuwonjezera pa mbiri ina ija.

Chimene chikundisautsa ndi chakuti wakuba uja ndi mayi wachikulire uja anayamba ndi liwu lofanana. Kwathu kuno munthu wongofikira kunena chimene akufuna asanapereke moni ndiye amaoneka wopanda khalidwe, choncho sindingathe kunena kuti aliyense wolemba “Moni” yekha ali ndi cholinga choipa. Komanso pakhomo umamuona munthu nkhope, umamva mawu ake, ndipo anansi amamuona akulowa, pamene pafoni umangoona manambala khumi. Woyamba ndinamulandira ngati mlendo wapakhomo ndipo anandibera, wachiwiri ndinamulandira ngati wakuba pamene anali kholo langa.

Tsopano za nambala ya masiku anayi apitawa, ndachita zimene ndikanatha. Ndi ya m’dziko momwe muno, yoyamba ndi +265, ilibe chithunzi chimene ine ndingachione, ndipo foni ikuonetsa kuti palibe gulu limene tili limodzi. Ndinayamba ngati ndikuitumizira ndalama pafoni kuti ndione dzina limene inalembetsedwa, ndipo nditaliona ndinasiya osamaliza. Ndi dzina la mkazi, limene sindikulidziwa. Mng’ono wanga akuti zimenezo sizitsimikizira kanthu, chifukwa nambala imene anthu anatumizirako ndalama chaka chatha inalinso m’dzina la mkazi, pamene wondilembera uja ankadzitchula kuti ndi bambo, ndipo anthu otere amagwiritsa ntchito makadi olembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena. Choipa china ndi chakuti ndinatsegula uthengawo tsiku loyamba lomwe, moti mwini wake akuona timizere tiwiri tabuluu, ndipo ngati ali wachibale kapena kholo la mwana wa m’kalasi mwanga, akudziwa kuti ndinawerenga n’kukhala chete.

Yankho ndalilemba ndi kulifufuta kambirimbiri. Limene latsala papepala ndi ili: “Moni, zikomo kwambiri. Pepani, nambala yanu sindinaisunge. Kodi ndikulankhula ndi ndani, ndipo nambala yanga munaipeza kwa yani?” Ndikuganiza kuti ili likubweza moni, likupepesa, ndipo silikuulula dzina langa kapena kumene ndili. Koma ndikaliwerenga ndi maso a mayi wa ku Thyolo uja, ndikuona kuti mwina funso lachiwirilo likumveka ngati ndikumuimba mlandu. Kodi ndiyambe ndafunsa kaye kuti ali bwanji, ndi kusiya mafunsowo mpaka atayankha? Nanga akayankha kuti “Ndili bwino, kaya inu”, osatchula dzina, ndipitirize kangati ndisanaone kuti akundikokera m’macheza monga anachitira uja? Ndaganizanso zongoimba kuti ndimve mawu, popeza munthu wachikulire amasangalala ukamuimbira ndipo wachinyengo nthawi zambiri amakana kuyankha, koma ndikuopa kuti kuimba kungaoneke ngati ndili ndi chidwi, makamaka akakhala mwamuna.

Ndikufunanso mundiuze malire ake, chifukwa ine ndaona kuti sindikuwadziwa. Manambala obwera pafoni sindidzatumizanso kwa wina aliyense, ngakhale atati ndi m’busa, ndipo ndalama sindingatumize ndisanaimbe pa nambala imene ndikuidziwa kale. Zimenezo ndaphunzira. Koma kasitomala weniweni amafunsanso kumene ndimakhala kuti adzatenge katundu, ndipo ameneyo ndimuyankhe chiyani? Ndakhala ndikuganiza zomakumana nawo ku Limbe kapena pamsika masana m’malo mwa kunyumba, ngakhale kuti zimenezo zikutanthauza kulipira minibasi pa chitenje chimodzi chimene phindu lake ndi lochepa kale. Ndipo munthu akayamba kufunsa ngati ndili pabanja asanafunse mtengo wa chitenje, kodi ndingadine “Block” nthawi yomweyo popanda kutsanzika, kapena ulemu ukufuna kuti ndimuuze kaye kuti nambalayi ndi ya malonda okha?

Funso lomaliza ndi limene ndakhala ndikulizemba m’kalata yonseyi. Amuna anga amadziwa za ndalama zija, koma sadziwa za masabata atatu aja, ndipo munthu uja mbali yake ya macheza athu akadali nayo ngati sanafufute. Usiku uno ndikumaganiza kuti mwina “Moni” ameneyu ndi iye yemwe wabweranso ndi nambala ina, kudzaona ngati ndiyankhe. Ngati ndi iye, ndipo akandiopseza kuti atumiza zimene ndinalemba kwa achibale a amuna anga, ndipite kupolisi ndi zithunzi za mauthengawo, kapena ndiyambe ndauza amuna anga ndekha iye asanatero? Lamlungu aimba, ndipo sindikudziwa ngati ndikhale nditayankha nambala imeneyi lisanafike tsiku limenelo.

Ine wanu,
Mayi wothedwa nzeru, Blantyre