Lipoti la maphunziro a aphunzitsi a Sitandade 1 ndi 2 omwe munanditumako ku Lilongwe

A hedi ndi aphunzitsi anzanga nonse, ndabwerako kumaphunziro a masiku atatu aja. Ndalama ya thiransipoti ndi yogonera ndinagwiritsa ntchito monga tinagwirizanira, ndipo malisiti ndasiya kuofesi. Minibasi yochokera kwa Mitundu inachedwa kudzaza, koma ndinafika mwambo wotsegulira usanathe.

Tsiku loyamba linatha ndi malonje, malamulo a msonkhano ndi kutikumbutsa za pulogalamu ya kuwerenga yomwe boma lidakhazikitsa mu 2016. Zimenezi mukuzidziwa kale.

Chomwe ndabwera nacho chenicheni ndi cha tsiku lachiwiri: kuyesa mwana kuwerenga kwa mphindi imodzi. Mumalemba kankhani ka mawu 40 pogwiritsa ntchito malembo okhawo amene mwaphunzitsa kale. Kankhaniko kasakhale ka m'buku la ophunzira, chifukwa ana athu amaloweza tsamba lonse, ndipo akangoona chithunzi amayamba kulakatula ngati akuwerenga, chala chili pena pakamwa pali pena. Mwana amakhala ndi pepala lake, inu lanu, wotchi ya pafoni ili pambali. Akalakwitsa mawu kapena kuwadumpha mumadula mzere pa mawuwo papepala lanu osamudzudzula. Akadzikonza yekha, wakhoza. Akaima masekondi atatu mumamulozera mawu otsatira, ndipo akalephera mzere wonse woyamba mumamuimitsa mwaulemu kuti asachite manyazi.

Masana anatitengera kusukulu ina yapafupi ndipo ine anandipatsa kamtsikana ka Sitandade 2. Mphindi itakwana kanali pa mawu a nambala 23, katalakwitsa asanu, ndiye kuti kanawerenga mawu 18 molondola. Nambalayo payokha sinandiuze zambiri. Nditayang'ana mawu asanuwo ndinapeza kuti onse anali ndi maphatikizo a malembo atatu, monga mba, nda ndi nga: "mbale" kanati "male", "ndani" kanati "nani". Mwana ameneyu sakufunika kubwezedwa ku a, e, i, o, u ayi. Akufunika sabata imodzi yolumikiza m ndi b, n ndi d. Pazaka zonse ndaphunzitsa, ndakhala ndikungolemba kuti "sadziwa kuwerenga" osadziwa pomwe pakumuvuta, ndipo zinandikhudza kwambiri.

Apa ndi pomwe tinatsutsana ndi otiphunzitsa. Iwo anati mwana aliyense aziyesedwa mwezi uliwonse. Ine ndinaimika mkono. M'kalasi mwanga muli ana 112, pomwe boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi. Mwana mmodzi amatenga mphindi ziwiri ukaphatikiza kumuitana ndi kulemba, ndiye kuti mphindi 224, pafupifupi maola anayi, ana enawo ali okha. Ndinapempha kuti tiziyesa ana asanu ndi mmodzi patsiku akaweruka, kuti kalasi lonse lizitha m'masiku 19, ndipo tizichita kamodzi pa teremu. Anzanga a kumidzi anagwirizana nane, koma m'mfundo zomaliza analembabe mwezi ndi mwezi. Ine ndikuona kuti analakwitsa, ndipo tikadzikakamiza tidzayamba kulemba manambala a m'mutu pofuna kusangalatsa alangizi a kuzoni.

Ndinenenso za kuno kwathu. Kuyesaku kumafuna mphunzitsi wina woti agwire kalasi, koma chiyambire Januwale ndili ndekha mu Sitandade 2 pomwe Sitandade 8 ili ndi aphunzitsi anayi. Ndinadandaula pamsonkhano wa aphunzitsi teremu yatha, yankho silinabwere. Mabuku atsopano nawonso akadali m'makatoni poopa kuti ang'ambika. Mwana adzafulumira bwanji kuwerenga buku lomwe saligwira?

Tsiku lachitatu kunali za kusunga marekodi, kenaka tinadzaza mapepala opereka maganizo athu osalemba maina, ndipo anatiwerengera zomwe zinatuluka. Ambiri anayamikira ulendo wa kusukulu uja nati ndi pomwe anaphunziradi. Anadandaula kuti zitsanzo zina zinkachitikira pa ife akuluakulu, ngati kuti mphunzitsi wodziyesa mwana angalakwitse monga amalakwitsira mwana weniweni. Ena analemba kuti sanatiuze chochita ndi mwana wosamva bwino kapena wachibwibwi, yemwe wotchi imamupondereza. Za kuchedwa kwa alawansi zinalembedwa pafupifupi papepala lililonse. Tinalandira madzulo a tsiku lomaliza, ena atagona ndi ngongole kumalo ogona.

Tinapempha kuti ulendo wina maphunzirowa adzachitike patchuthi, ana asatsale opanda mphunzitsi, ndiponso kuti alangizi adzatiyendere m'kalasi pakatha mwezi kudzaona ngati tikuyesa moyenera.

Kwa inu a hedi ndikupempha mapepala okwanira kusindikiza tinkhani tiwiri, ndi mphunzitsi mmodzi wochokera kumakalasi a pamwamba azindithandiza theka la ola patsiku. Lachisanu likudzali ana akaweruka ndidzaonetsa aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 kayesedweka ndi ana atatu a m'kalasi mwanga. Aliyense abwere ndi foni yake ndi pensulo.